Chigayo chimodzi, mizere inayi: pamene malikisi amatayikira pa galafu ya msika

Pa mayeso a maphunziro a zachuma, kaya ndi a chaka choyamba ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba, kaya ku Bunda, kaya ndi a Cambridge amene ana a m'sukulu zina amalemba, pali funso limene limabwera kawirikawiri. Limati wophunzira ajambule galafu yosonyeza mmene wogulitsa amene ali yekha pamsika amasankhira kuchuluka kwa katundu ndi mtengo wake, kenako adetse ndi pensulo malo osonyeza phindu lake. Ophunzira ambiri amalikonda funso limeneli chifukwa chithunzicho anachiwonapo kambirimbiri pa bolodi. Mizere iwiri yotsika, ina iwiri yokhota, kabokosi pakati, basi. Koma pepala likabwerako, malikisi amapezeka ochepa, ndipo mwini wake samvetsa chalakwika poti chithunzi chake chikufanana ndithu ndi cha m'buku.

Vuto lili pa kufananako. Galafu imeneyi ndi masamu olembedwa ndi mizere, ndipo mzere uliwonse uli ndi malo ake amene manambala amaulamula kukhala. Wochonga mayeso sayang'ana kukongola kwa chithunzi. Amayang'ana malo ochepa chabe pamene mizere ikumana kapena kudutsana, ndipo malo amenewo amamuuza ngati wojambulayo akudziwa chifukwa chake mzere uli pamene uli. Njira yabwino yowonera zimenezi ndi kutenga bizinesi imodzi, kuipatsa manambala, ndi kuwona mizere ikutuluka yokha m'manambalawo.

Tiyerekeze kuti m'dera lina lakutali muli chigayo chimodzi chokha, ndipo china chili pamtunda woti munthu sangasenzere chimanga kukafikako. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza, osankhidwa kuti masamu aziyenda mosavuta. Mwini chigayo akanati azilipiritsa K2,000 pa ndowa, palibe amene akanabwera. Aliyense akanabwerera ku mtondo. Akatsitsa mtengo ndi K20, pamabwera ndowa imodzi patsiku. Akatsitsanso ndi K20 ina, ndowa zimakhala ziwiri, ndipo zimapitirira choncho mpaka ndowa 100 pamene kugayitsa kwasanduka kwaulere. Tikaika P m'malo mwa mtengo ndi Q m'malo mwa chiwerengero cha ndowa, timalemba motere:

P = 2000 − 20Q

Pa galafu, mtengo umakhala pa mzere woimirira wa kumanzere, ndowa zimakhala pa mzere wogona wa pansi. Mzere wa ofuna kugayitsa umayambira pa 2,000 kumtunda n'kutsika mpaka kugunda pansi pa 100. Mzere womwewu umalembedwanso AR, kutanthauza ndalama imene mwini chigayo amapeza pa ndowa iliyonse tikagawa zonse zimene wapeza ndi chiwerengero cha ndowa. Popeza aliyense akulipira mtengo umodzi, AR ndi mtengo womwewo. Wophunzira woiwala kulemba zilembo zimenezi kumapeto kwa mzere, kapena wosalemba kuti mbali iyi ndi ya mtengo ndipo inayi ndi ya kuchuluka kwa katundu, wayamba kale kutaya malikisi asanafike n'komwe pa zovuta.

Chifukwa chake MR imatsika mofulumira kawiri

Mzere wachiwiri ndi MR, ndipo ndi umene umagwetsa anthu ambiri. MR ndi ndalama imene imawonjezereka m'thumba la mwini chigayo akagaya ndowa imodzi yowonjezera. Munthu angaganize kuti ndalama imeneyi ndi mtengo wa ndowayo basi. Sizili choncho, ndipo manambala akuwonetsa bwino.

Pa mtengo wa K1,400 pamabwera ndowa 30, ndiye tsikulo amapeza K42,000. Kuti akope ndowa ya nambala 31, ayenera kutsitsa mtengo kufika pa K1,380. Koma sangatsitsire munthu mmodzi yekhayo. Anthu ali pamzere umodzi, akumvana, ndipo mayi amene walipira K1,400 sangalole kuti mnzake wa kumbuyo alipire zochepa. Choncho ndowa zonse 31 zilipiridwa pa K1,380, zomwe zikukwana K42,780. Ndalama yowonjezereka ndi K780 yokha. Walandira K1,380 kwa wobwera kumeneyo, koma wataya K20 pa iliyonse ya ndowa 30 zija zimene zikanalipira mtengo wakale, ndiye kuti K600 yapita. Tikachotsa K600 pa K1,380 patsala K780.

Apa pali zinthu ziwiri zimene zikudya MR nthawi imodzi. Choyamba, mtengo wa ndowa yatsopano ukutsika ndi K20 nthawi iliyonse. Chachiwiri, gulu la anthu akale amene ayenera kuwatsitsira likukula ndi ndowa imodzi nthawi iliyonse, zomwe zikuwonjezera K20 ina pa zotayika. K20 ya apa ndi K20 ya apo zikupanga K40. N'chifukwa chake mtengo ukamatsika ndi K20 pa ndowa iliyonse, MR imatsika ndi K40:

MR = 2000 − 40Q

Mawu akuti "kawiri" amene aphunzitsi amabwereza aja amachokera pamenepa. Ndipo ali ndi zotsatira ziwiri zimene munthu angaziyeze ndi lula. MR iyenera kuyambira pamalo amodzimodzi ndi AR, pa 2,000 pa mzere woimirira, chifukwa pa ndowa yoyambirira palibe anthu akale oti awatsitsire. Ndipo iyenera kugunda pansi pa theka lenileni la mtunda wa AR. AR ikugunda pa 100, ndiye MR igunda pa 50. Ngati papepala AR yagunda pansi pa masentimita 12 kuchokera pangodya, ikani kadontho pa masentimita 6, ndipo mulumikize kadonthoko ndi poyambira paja. Ntchito yonse ndi imeneyo, ya kanthawi kochepa kwambiri, komabe ambiri amajambula ndi maso n'kuphonya.

Kuphonyako kumabwera m'njira zodziwika. Ena amajambula MR yoyenda motsatana ndi AR ngati njanji, yoyambira pansi pake ndi kutsika mofanana. Chithunzi chotero chikunena kuti mwini chigayo amataya ndalama yofanana kaya akutsitsira anthu awiri kaya makumi anayi, zomwe sizingatheke. Ena amaiyambitsa pamalo oyenera koma n'kuikokera kukathera pafupi ndi pamene AR yathera. Enanso amaijambula bwino koma ikangofika pa mzere wa pansi amaimitsa pensulo, ngati kuti pansipo pali khoma. MR imapitirira n'kulowa pansi pa ziro, ndipo mbali imeneyi ili ndi tanthauzo. Pa ndowa 50 mtengo ndi K1,000, zopeza zonse ndi K50,000. Pa ndowa 51 mtengo ndi K980, zopeza ndi K49,980. Wagaya ndowa yowonjezera, koma ndalama zatsika ndi K20. Choncho pamene MR yadutsa ziro ndi pamene zopeza zonse zafika pachimake, ndipo funso likafunsa za kampani yofuna kuchulukitsa ndalama zolowa osati phindu, yankho lili pa kadontho kameneka. Wosajambula MR mpaka kudutsa pansi alibe posonyeza yankho lake.

Pali chinthu china chaching'ono chimene chimasokoneza ojambula kuchokera pa tebulo la manambala. Fomyula ikupereka MR ya 800 pa ndowa 30 ndi 760 pa ndowa 31, pamene ife tapeza 780. Palibe cholakwika. K780 ija ndi ya ulendo wochoka pa 30 kufika pa 31, ndiye kadontho kake kamaikidwa pakati, pa 30 ndi theka. Woika timadontho totere pa manambala athunthu amapeza mzere wosunthira pang'ono kumanja, umene suyambira pamodzi ndi AR.

Lamulo la "kawiri" lili ndi malire ake, ndipo ndimaona kuti ndi bwino wophunzira awadziwe kusiyana n'kungoliloweza. Limagwira ntchito pokhapokha AR ili mzere wowongoka. AR ikakhala yokhota, MR imakhalabe pansi pake, koma za theka zija sizigwiranso. Ndipo likudalira mfundo ija yakuti onse akulipira mtengo umodzi. Mwini chigayo akanatha kulipiritsa aliyense ndalama yonse imene munthuyo angalole kupereka, mwamseri, sakanataya kanthu pa anthu akale, ndipo MR ikanagona pamwamba penipeni pa mzere wa ofuna kugayitsa uja.

Maganizo amenewa si atsopano. Mfalansa wina, Augustin Cournot, anawalemba m'masamu mu 1838, ndipo chitsanzo chake chinali cha munthu wokhala ndi kasupe wa madzi amene wina aliyense alibe. Galafu imene timaiona m'mabuku masiku ano inafala kwambiri kuchokera mu 1933, chaka chimene Joan Robinson wa ku Cambridge ndi Edward Chamberlin wa ku Harvard anatulutsa mabuku awo, aliyense payekha, onena za misika imene mpikisano wake ndi wopelewera.

Mizere ya zowononga

Tsopano tibwere ku mbali ya ndalama zimene mwini chigayo amawononga. Tiyerekeze kuti tsiku lililonse, kaya wagaya kaya sanagaye, ayenera kupeza K18,000 ya lendi ya nyumba, ngongole ya makina, ndi malipiro ake omwe. Malipiro a mwiniwakewa ndi ofunika kuwatchula. M'maphunziro a zachuma, ndalama imene munthu akanapeza akanaika nthawi ndi chuma chake pa ntchito ina imawerengedwa ngati gawo la zowononga. Choncho phindu limene timadetsa pa galafu ndi lapamwamba pa lija lokwanira kumusunga munthu mu bizinesi. Kupatula K18,000 ija pali dizilo, zokonzera makina ndi aganyu, ndipo zimenezi zimakwera mtengo ntchito ikamachuluka chifukwa makina amatentha ndipo antchito amapitiriza maola. Ndalama yogayira ndowa imodzi yowonjezera imalembedwa MC, ndipo zowononga zonse zikagawidwa ndi chiwerengero cha ndowa zimalembedwa AC. Pa chigayo chathu:

MC = 200 + 20Q
AC = 18000/Q + 200 + 10Q

M'mabuku ambiri MC imayamba yatsika pang'ono isanakwere. Pano taiwongola kuti kuwerengera kusavute, ndipo mfundo sizisintha. AC ndi yokhota ngati mbale: imayamba pamwamba chifukwa K18,000 ikugawidwa pa ndowa zochepa, imatsika, kenako imakweranso.

Mizere iwiriyi siingakumane paliponse pamene dzanja lafuna. MC iyenera kudula AC pansi penipeni pa mbaleyo, ikuchokera m'munsi. Wophunzira aliyense amadziwa kale chifukwa chake kuchokera pa malikisi ake: mayeso atsopano akakhoza mochepera pa avereji yake, averejiyo imatsika, ndipo akakhoza mopitirira, imakwera. Pa ndowa 30, AC ndi K1,100 ndipo MC ndi K800. Popeza ndowa yotsatira ndi yotchipa kuposa avereji, AC ikutsikabe. Pa ndowa 50, AC ndi K1,060 ndipo MC ndi K1,200, ndiye AC ikukwera. Pamene AC yasiya kutsika koma sinayambe kukwera ndi pamene ikufanana ndi MC, ndipo pa chigayo chathu ndi pakati pa ndowa 42 ndi 43, pa K1,049 kapena kuchepera pang'ono. Wojambula MC yodutsa pambali pa mbale, pamene AC ikutsikabe kapena yayamba kale kukwera, wajambula chinthu chimene masamu sangachilole. Njira yosavuta ndi kujambula AC poyamba, kuika kadontho pansi pake, ndiyeno kudutsitsa MC pa kadonthoko.

Mzere umodzi woimirira

Mwini chigayo apitiriza kulandira ndowa malinga ngati iliyonse ikubweretsa zambiri kuposa zimene ikudya. Aima pamene MR yafanana ndi MC. Tikafananitsa 2000 − 40Q ndi 200 + 20Q tikupeza ndowa 30, ndipo pamenepo MR ndi MC zonse zili pa K800. Kuchokera pa mphambano imeneyi, jambulani mzere wa timadontho woimirira, wotsika mpaka pansi pa 30 ndi wokwera mpaka kugunda AR. Zonse zotsala m'funsoli ziwerengedwa pa mzere umodzi womwewu, ndipo zolakwa zazikulu zimachitika munthu akachoka pa mzerewu kapena akaima pamalo olakwika pa iwo.

Cholakwa chofala kwambiri ndi kutenga K800 ngati mtengo. Diso likafika pa mphambano ya MR ndi MC, dzanja limathamangira kumanzere n'kulemba P pamenepo. Koma mphambanoyo imangonena chiwerengero cha ndowa. Mtengo amaunena ndi anthu ogayitsa, ndipo iwo ali pa mzere wa AR. Anthu a ndowa 30 akulolera kulipira K1,400, ndiye palibe chifukwa choti mwini chigayo awalipiritse K800. Taonani kukula kwa cholakwachi. Pa K800, AC ili pa K1,100, wophunzira adzanena kuti chigayo chikuluza K300 pa ndowa iliyonse, K9,000 patsiku. Zoona zake n'zakuti chikupindula K300 pa ndowa iliyonse, K9,000 patsiku. Yankho lonse latembenuka chifukwa pensulo sinakwere kukafika pa AR, ndipo ndime zonse zofotokozera zimene alembe pambuyo pake zidzakhala zikuteteza chinthu cholakwika.

Ena amaiwaliratu MR n'kuima pamene MC yakumana ndi AR, pa ndowa 45 ndi mtengo wa K1,100. Malo amenewa ali ndi dzina lake labwino m'maphunzirowa, chifukwa ndi pamene mtengo umene anthu akulipira ukufanana ndi ndalama yogayira ndowa yomaliza. Koma mwini chigayo wofuna phindu sangaime pamenepo. Pa ndowa 45 amapeza K49,500, amawononga K47,250, phindu ndi K2,250 yokha. Ndipo kuti titsimikize kuti 30 ndiye pachimake, tiyese mbali zonse ziwiri: pa ndowa 29 phindu ndi K8,970, pa ndowa 31 ndi K8,970 yomweyo. Pa 30 pokha ndi pamene likufika K9,000.

Kudetsa bokosi la phindu

Phindu pa galafu ndi bokosi la ngodya zinayi zowongoka. Denga lake ndi mtengo, K1,400. Pansi pake ndi AC ya pa ndowa 30, K1,100. Mbali ya kumanzere ndi mzere wa mtengo uja, mbali ya kumanja ndi mzere wathu wa timadontho. Kutalika K300, mulifupi ndowa 30, kuchulukitsa K9,000. Tikawerengera njira ina, zopeza K42,000 kuchotsa zowononga K33,000, tikupeza nambala yomweyo. Bokosi lodetsedwa bwino liyenera kugwirizana ndi kuchotsera kumeneku nthawi zonse.

Denga silivuta kwenikweni kwa amene wawerenga mtengo molondola. Pansi pa bokosi ndi pamene pamagwera anthu, ndipo pali malo awiri amene amakoka pensulo. Oyamba ndi mphambano ija ya MR ndi MC. Wodetsa kuchokera pa K1,400 mpaka pa K800 wapeza K600 kuchulukitsa ndi 30, K18,000, kuwirikiza kawiri phindu lenileni. Cholakwika n'chakuti K800 ndi ndalama yogayira ndowa yomaliza yokha. Siikunena kanthu za lendi kapena ngongole ya makina, ndipo ndowa zina 29 zija sizinadye K800 iliyonse. Chokhacho chimene tingachulukitse ndi chiwerengero cha ndowa n'kupeza zowononga zonse ndi AC.

Malo achiwiri ndi pansi pa mbale ya AC. Popeza pamenepo pali mphambano yowonekera ya MC ndi AC, wophunzira amakoka mzere kuchokera pamenepo kupita kumanzere n'kuuyesa pansi pa bokosi. Pa chigayo chathu zimenezi zikupereka phindu loposa K10,500. Kusiyana kwake ndi K9,000 kungaoneke kochepa, ndipo papepala mwina ndi mamilimita angapo, koma wochonga amakuwona msanga chifukwa ndi chizindikiro chakuti wojambula sakudziwa kuti AC imawerengedwa pa ndowa zimene zikugayidwadi. Chigayo chikugaya 30, osati 42. Mtengo wotsika wa pansi pa mbale ndi wa tsiku limene silinachitike.

Palinso ena amene m'malo mwa bokosi amadetsa malo okhotakhota a pakati pa AR ndi AC, kutsatira mizereyo mmene ikupitira. Malo amenewo alibe tanthauzo m'funsoli, chifukwa ndowa zonse 30 zalipira mtengo umodzi ndipo zonse zikugawana AC imodzi. N'chifukwa chake denga ndi pansi zili zowongoka. Ndipo funso likapempha kusonyeza zimene anthu onse ataya chifukwa chosowa mpikisano, chodetsa sichikhala bokosi ayi, koma kachigawo ka ngodya zitatu kumanja kwa mzere wa timadontho: pamwamba AR, pansi MC, nsonga yake pa ndowa 45. Pa chigayo chathu ndi theka la 15 kuchulukitsa ndi 600, K4,500. Zimenezi ndi ndowa 15 zimene eni ake akanalipira mokwanira kuposa ndalama yozigayira, koma zabwerera ku mtondo. Zigawo ziwirizi zikakhala pa galafu imodzi, chilichonse chidetsedwe mosiyana ndipo chilembedwe dzina, apo ayi chitchulidwe ndi zilembo za m'ngodya zake. Pensulo yodetsa kwambiri mpaka kubisa mphambano imawononganso ntchito yabwino. Timizere topepuka topendekera n'tokwanira.

Lendi ikakwera

Mayeso amakonda kusintha chinthu chimodzi kuti aone ngati wophunzira akumvetsa kapena analoweza. Tiyerekeze kuti zolipira za tsiku ndi tsiku zija zakwera kuchoka pa K18,000 kufika pa K33,000. Ambiri amakweza AC ndi MC pamodzi, n'kupeza mtengo watsopano. Koma lendi siisintha ndalama yogayira ndowa yowonjezera. Dizilo wa ndowa imodzi ndi yemwe uja. MC siisuntha, MR siisuntha, ndiye mphambano ikadali pa ndowa 30 ndipo mtengo ukadali K1,400. Chosuntha ndi AC yokha, imene pa ndowa 30 yafika K1,600. Tsopano denga la bokosi ndi AC, pansi pake ndi mtengo, ndipo bokosilo likusonyeza kuluza K200 kuchulukitsa ndi 30, K6,000. Pojambula, mbale yonse ya AC iyenera kukhala pamwamba pa AR osaikhudza paliponse. Ikangoidula penapake, ndiye kuti pali chiwerengero cha ndowa chimene chigayo sichikanaluza, ndipo chithunzicho chadzitsutsa chokha. Komanso pansi pa mbale yatsopanoyi payenera kukhalabe pa mzere wa MC, ndiye kuti mbale imakwera ikusunthira kumanja.

Ena amadabwa kuti wogulitsa amene ali yekha angaluze bwanji. Kukhala yekha kumamupatsa ufulu wosankha malo pa mzere wa AR, koma sikumupatsa mphamvu yokankhira mzerewo m'mwamba. Ndipo pakadali pano apitirizabe kugaya, chifukwa akatseka aluza K33,000 yonse, pamene akagaya aluza K6,000.

Misika ina

Pa msika wa mpikisano wathunthu, pamene ogulitsa ndi ambiri ndipo katundu ndi wofanana, wogulitsa mmodzi safunika kutsitsa mtengo kuti agulitse zambiri. Palibe K600 yotayika ija, ndiye AR ndi MR ndi mzere umodzi wogona. Cholakwa cha apa ndi kubweretsa MR yotsika kuchokera ku galafu ya chigayo, kapena kujambula magalafu awiri oyandikana, ya msika wonse ndi ya wogulitsa mmodzi, koma mtengo wa uku wosalingana ndi wa uko. Pa msika wa makampani ochepa aakulu pali galafu ya AR yothyoka, imene Paul Sweezy anaifotokoza mu 1939. Pamenepo MR imaduka n'kusiya mpata woimirira, ndipo mpatawo uyenera kukhala pansi penipeni pa pothyokapo, pa mzere umodzi wa timadontho.

Yovuta kwambiri kujambula ndi ya msika wa Chamberlin uja, wa ogulitsa ambiri a katundu wosiyana pang'ono, ngati malo odyera kapena ometera. Kumeneko phindu limakopa ena kulowa, makasitomala amagawanika, AR ya aliyense imasunthira kumanzere mpaka kungokhudza AC pamalo amodzi osaidula. Chigayo chathu chingatisonyeze maonekedwe ake, ngakhale kuti pano tisuntha zowononga m'malo mosuntha AR. Zolipira za tsiku ndi tsiku zikakhala K27,000, AC pa ndowa 30 imakhala K1,400, chimodzimodzi ndi mtengo. Pa ndowa 29 AC ili pafupifupi K1,421 pamene mtengo ndi K1,420. Pa ndowa 31 ili pafupifupi K1,381 pamene mtengo ndi K1,380. Mbali zonse ziwiri AC ili pamwamba, ndipo pa 30 pokha ndi pamene mizere yakhudzana. Palibe bokosi loti n'kudetsa.

Ophunzira ambiri amaika pokhudzanapo pansi penipeni pa mbale. Koma pansi pa mbale ndi pathyathyathya, ndipo mzere wotsetsereka sungagone pamalo athyathyathya osawadula. Ungakhudze mbale pambali yake yotsika yokha, kumanzere. M'chitsanzo chathu pokhudzana ndi pa ndowa 30, pamene pansi pa mbale pali cha pa ndowa 52. Msampha umenewu unagwirapo ngakhale akatswiri. Mu 1931, Jacob Viner wa ku Yunivesite ya Chicago anauza womujambulira, Y. K. Wong, kuti ajambule mzere wotsika wodutsa pansi penipeni pa mbale zingapo za AC koma osakwera pamwamba pa mbale iliyonse. Wong anamuuza kuti zimenezo sizingatheke, Viner anaumirira, ndipo patapita zaka anavomereza poyera kuti wojambulayo ndiye ankanena zoona. Chifukwa chake ndi chomwechi.

Pa galafu imeneyi mphambano ya MR ndi MC iyeneranso kugwera pansi penipeni pa pokhudzanapo. Ngati paliponse kupatula pa ndowa 30 pali kuluza, ndiye kuti 30 ndiye malo abwino koposa, ndipo malo abwino koposa ndi pamene MR ikufanana ndi MC. Wojambula mizere yonse inayi kaye n'kumayembekezera kuti zikumana zokha amathera nthawi pa chofufutira. Yambani ndi AR, muike MR pogwiritsa ntchito theka lija. Jambulani AC yokhudza AR pamalo amodzi, malowo akhale kumanzere kwa pamene MR yagunda pansi, chifukwa kupitirira pamenepo MR ili pansi pa ziro ndipo MC singakumane nayo. Kuchokera pokhudzanapo tsitsani mzere wa timadontho, muike kadontho pamene wadula MR ndi kena pansi pa mbale ya AC. MC ijambulidwe pomalizira, idutse pa timadontho tiwiriti.